K12.69 ija inachokera kuti: zomwe ndinaona pogula masheya ogulitsidwa koyamba

Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa ofesi ina kuno ku Zomba, ndipo ndine msungichuma wa kagulu kathu kosunga ndi kubwereketsana ndalama kamene timakumana ku Matawale. Chifukwa cha maudindo awiriwa, nkhani iliyonse ya manambala imagwera ine. Ndi mmene zinakhaliranso mu Januwale 2020, Airtel Malawi ikugulitsa masheya ake kwa anthu wamba koyamba, chimene pa mafomu ndi pa intaneti chimalembedwa kuti IPO. Mtengo unali K12.69 sheya imodzi. Kulembetsa kunatsegulidwa pa 27 Disembala 2019, kutsekedwa pa 31 Januwale, ndipo masheyawo anayenera kuyamba kugulitsidwa pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre pa 24 Febuluwale.

Mlamu wanga, amene ali ndi shopu ya zipangizo za njinga pafupi ndi msika waukulu, anabwera ku gulu ndi pempho. Amafuna K500,000 pa chiwongoladzanja chathu cha nthawi zonse, 20 peresenti pa mwezi. Ankati agula masheya, agulitsa tsiku loyamba lomwelo, abweza ngongole, chotsalacho aonjezera katundu mu shopu. "Alamu, izi sizilephera," anandiuza. "Masheya atsopano amakwera basi tsiku loyamba. Afunseni amene anagula TNM."

Gulu linati ndikaone kaye mapepala. Ndinatenga buku limene kampani imatulutsa pogulitsa masheya, pulosipekitasi, n'kukhala nalo madzulo angapo. Funso limene ndinayamba nalo ndi limene anthu ambiri sadzifunsa: K12.69 imeneyi wainena ndani, ndipo waipeza bwanji?

Mtengo umenewu sukhala wa msika, chifukwa pa nthawiyo msika wa masheyawo kulibe. Palibe amene anagulapo kapena kugulitsapo. Ndi nambala imene eni kampani agwirizana ndi alangizi amene awalemba ganyu, nthawi zambiri banki ndi kampani ya mabuloka, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya pa msika. Banki yaikulu ya Reserve ndi a msika wa masheya amaona ngati malamulo atsatidwa ndiponso ngati zofunika kuuza anthu zalembedwa, koma chidindo chawo sichitanthauza kuti iwo avomereza kuti mtengowo ndi wabwino. Izi n'zofunika kuzimvetsa, chifukwa ku gulu kwathu ena ankaganiza kuti boma ndi limene laika mtengo, ngati wa mafuta a galimoto.

Alangizi aja amayamba ndi kuyeza kampani yonse, kenako n'kugawa ndi chiwerengero cha masheya. Airtel inali ndi masheya 11 biliyoni. Mukachulukitsa ndi K12.69 mupeza pafupifupi K139.6 biliyoni. Ndiye kuti munthu wogula sheya imodzi pa K12.69 akuvomera kuti kampani yonse ndi ya ndalama zimenezo. Apa ndi pamene ambiri timasochera. Mayi wina wa m'gulu mwathu anati K12.69 ndi yotchipa kwambiri, poti masheya a mabanki ena anali pa makwacha mazanamazana. Koma kutchipa kwa sheya sikuonekera pa kuchepa kwa nambala. Kampani yomweyo ikanagawidwa m'masheya 1.1 biliyoni, sheya imodzi ikanakhala K126.90, ndipo palibe chikanasintha.

Njira imene ife anthu wamba tingathe kuitsata patokha ndi yoyerekeza mtengo ndi phindu. Ndipereke chitsanzo cha kampani yongopeka kuti manambala asavute. Tinene kuti imapanga phindu la K10 biliyoni pa chaka, msonkho utachotsedwa, ndipo ili ndi masheya 5 biliyoni. Sheya iliyonse yapanga K2. Tsopano alangizi amayang'ana makampani a ntchito yofanana amene ali kale pa msika. Ngati masheya a makampani amenewo akugulitsidwa pa mtengo woposa phindu lawo la pa chaka kasanu ndi katatu, ndiye kuti kampani yathuyi ingakhale pa K16. Nambala ya 8 imeneyi ndi imene mumaiona pa malipoti a mabuloka pansi pa zilembo za P/E. Tanthauzo lake ndi lakuti, phindu likapanda kusintha, pangatenge zaka zisanu ndi zitatu kuti kampani ipange ndalama zimene mwalipira.

Zikuoneka zophweka, koma mpata wokokera nambala uku ndi uku ndi waukulu. Choyamba, phindu liti? La chaka chatha, limene owerengera ndalama oima paokha analiona n'kusainira, kapena la chaka chino, limene akuluakulu a kampani akuyembekezera? Ngati chaka chatha inapanga K10 biliyoni koma akuti chaka chino ipanga K14 biliyoni, mtengo womwewo wa K16 umaoneka wotchipa, chifukwa P/E yatsika kuchoka pa 8 kufika pansi pa 6. Buku lija limalemba zonse ziwiri, koma otsatsa malonda amakonda kutchula yachiwiriyo. Chachiwiri, makampani ofanana nawo ndi ati? Msika wathu ndi waung'ono, makampani ake sakwana makumi awiri. Pa nthawi ya Airtel, kampani ina ya mafoni pa msikawo inali imodzi yokha, TNM, imene inalowa mu 2008. Zikatere alangizi amakatenga za ku Kenya, ku South Africa ndi kwina, kumene chiwongoladzanja ndi mphamvu ya ndalama n'zosiyana ndi zathu. Wosankha mndandandawo wasankha kale theka la yankho.

Palinso njira ina, yowerengera ndalama zimene kampani ingapeze m'zaka zikubwerazo n'kuzichepetsa kuti zifanane ndi ndalama za lero. Sindiilowa kwambiri. Chofunika kudziwa n'chakuti imadalira chiwongoladzanja. Boma likamabwereka pa chiwongoladzanja chokwera, munthu wa ndalama zambiri alibe chifukwa cholipirira masheya mtengo wapamwamba, poti atha kungobwereketsa boma osasowa tulo. Ndiye chiwongoladzanja chikakwera, mtengo woyenera wa sheya umatsika, ngakhale kampani ikuyenda bwinobwino.

Akapeza kuti mtengo uli penapake pakati pa, tinene, K14 ndi K17, amayamba kuyendera ogula akuluakulu. Kuno kwathu amenewa ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni, makampani a inshuwalansi ndi oyendetsa ndalama za anthu ena. Iwowa ndi amene amanenerera mtengo m'malo mwa ife tonse, ngakhale sitikhalapo pa zokambiranazo. Ena mwa iwo amasaina pangano lakuti masheya amene anthu sagula, iwo adzatenga onse pa mtengo womwewo, ndipo amalipidwa pa lonjezolo. Munthu amene walonjeza kutenga zotsala sangavomere mtengo wokwera, chifukwa katundu akakanika kuyenda agwera iyeyo. Mwini kampani naye akukokera m'mwamba. Banki yolangiza ili pakati: imalipidwa ndi wogulitsa, koma ogula akuluakulu aja ikumana nawonso chaka chamawa pa malonda ena, ndipo sifuna kuwagulitsa chinthu chimene chidzawalize. Pamapeto pake amagwirizana nambala imene ili pansi pang'ono pa imene akukhulupirira kuti ndi yeniyeni. Kampani yathu ya K16 ija atha kuitulutsa pa K14.

Kuchotsera kumeneku ndi kumene kumabala mbiri yakuti masheya atsopano amakwera. Mlamu wanga sankanama kwenikweni. M'maiko ambiri, mukaphatikiza malonda oterewa a zaka zambiri, mtengo wa tsiku loyamba umakhaladi pamwamba pa mtengo wogulira. Vuto ndi lakuti kuchotserako kumachokera pa nambala yongoyerekeza. Ngati K16 ija inali yolakwika, kampani n'kukhala ya K13, ndiye kuti K14 ndi yodula ngakhale "yachotseredwa".

Ku Amereka ndi ku Ulaya amachita mosiyana pang'ono. Amalengeza malire awiri, n'kumalemba zimene mabungwe akuluakulu akufuna pa mtengo uliwonse, ndipo mtengo weniweni amaudula usiku woti mawa malonda ayamba. Ngakhale ndi njira imeneyi, imene imamva kutentha kwa msika mpaka tsiku lomaliza, amaphonya mbali zonse ziwiri. Facebook mu Meyi 2012 inakweza malire ake anthu atachuluka, n'kugulitsa pa madola 38. Tsiku loyamba inatseka pa 38.23, ndipo pofika Seputembala inali pansi pa madola 20. Uber mu Meyi 2019 inagulitsa pa madola 45, tsiku lomwelo n'kutseka pansi pa 42. Airbnb mu Disembala 2020 inagulitsa pa 68, n'kutseka pamwamba pa 140. Onsewa anali ndi alangizi odziwika pa dziko lonse.

Kwathu kuno mtengo umasindikizidwa m'buku kulembetsa kusanayambe, ndipo susinthanso. Izi zili ndi ubwino wake, chifukwa mumadziwa chimene mulipire. Koma taonani kutalika kwa nthawi. Kuchokera pa 27 Disembala kufika pa 24 Febuluwale ndi pafupifupi miyezi iwiri, ndipo mtengowo unali utagwirizanidwa Khirisimasi isanafike. M'kati mwa miyezi imeneyo, pa 3 Febuluwale 2020, khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019. Ndalama zathu zinali zitalowa kale, mafomu atatsekedwa, ndipo palibe akanatha kubweza. Zinthu sizinasokonekere, koma pa tsikulo palibe ankadziwa. Amene anaona kwacha ikugwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 angamvetse chimene chingachitike kwa kampani imene ili ndi ngongole za madola, chinthu choterocho chikagwa pakati pa tsiku lolembetsa ndi tsiku loyamba malonda.

Ndinabwerera ku gulu ndi zimenezi, ndipo tinagwirizana kuti sitibwereketsa ndalama za gulu pa nkhani imeneyi. Aliyense wofuna agule ndi zake. Ine ndinagula pang'ono, ndi ndalama zimene sindinkazifuna msanga. Alamu anagulanso pang'ono ndi za mu shopu, akung'ung'udza. Tinadzaza mafomu pa nthambi ya banki m'tauni momwemu, ndi chiphaso cha unzika, nambala ya akaunti ya ku banki yolandirira ndalama zobwezedwa ndi dividendi, gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya, ndi fomu ina yotsegulira akaunti ya CSD, mmene masheya amasungidwa tsopano m'malo mwa masatifiketi a pepala. Dzina la pa fomu lifanane ndendende ndi la pa chiphaso ndi la ku banki. Ndinaona bambo wina akubwezedwa pa mzere chifukwa pena analemba dzina la bambo awo, pena la agogo.

Pa 24 Febuluwale mtengo unadumpha, kupitirira K17. Foni yanga inalira masana omwewo.

"Alamu, mwaona zimene mwandichita? Ndalama ija mukanandipatsa, lero ndikanakhala pati?"

Ndinawauza kuti adzere kunyumba akatseka shopu, tiwerengere limodzi. Tinakhala pakhonde ndi kope la gulu lomwelo, ine ndikulemba kumbuyo kwake, iwo akudina kakyuleta ya pa foni.

K500,000 pa K12.69 ikanagula masheya 39,400. Tiyerekeze kuti apatsidwa onse, ndipo agulitsa onse pa K17.50. Alandira K689,500. Buloka amadula komishoni yake, imene imakhala pakati pa 1 ndi 2 peresenti kutengera kukula kwa malonda, msonkho n'kukwerapo, ndiye tichotsepo pafupifupi K9,000. Zatsala K680,500. Ngongole akanaitenga pakati pa Januwale, ndipo ndalama za masheya sizilowa tsiku limene mwagulitsa, zimatenga masiku angapo a ntchito, ndiye akanabweza kumayambiriro kwa Malichi. Ku gulu kwathu miyezi timaiwerenga kuyambira tsiku lotenga ngongole, ndipo mwezi ukangolowa umawerengedwa wonse, choncho ndi miyezi iwiri, K200,000 ya chiwongoladzanja. Ayenera kubweza K700,000. Aperewera pafupifupi K20,000.

Anadinanso kachiwiri, kenako anangoti, "Ndiye akanapindula ndi inuyo a gulu." Zoonadi. Masheya anakwera ndi 38 peresenti, kukwera kumene aliyense angakuvinire, koma kuti iwo angobweza ngongole popanda phindu lililonse, mtengo unafunika kufika K18 ndi kukhala pomwepo mpaka masheya awo onse atapeza wogula.

Mawu akuti "atapeza wogula" ndi amene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndi pamene msika wathu umasiyana ndi misika imene timaiona pa wailesi ya kanema. Mtengo umene umalengezedwa madzulo ndi wa malonda amene achitikadi, ngakhale akhale a masheya ochepa. Mwa masheya 2.2 biliyoni amene anagulitsidwa, ambiri amapita kwa mabungwe aja a penshoni ndi inshuwalansi, amene sagula kuti agulitse mawa. Tsiku loyamba pa msika pamakhala kagulu kochepa ka ogulitsa ndi kagulu kochepa ka ogula, ndipo mtengo umapangidwa ndi amenewo. Zili ngati kudoko la Kachulu m'mawa: bwato loyamba likafika ogula ali khumi, ndowa ya matemba imadula, koma mtengo umenewo si umene mabwato onse agulitsire dzuwa likakwera. Anthu onse amene anagula ndi maganizo a mlamu wanga akathamangira kugulitsa sabata yomweyo, amakafola pa mzere umodzi.

Mzerewo ndi weniweni. Mukauza buloka kuti agulitse, oda yanu imalowa m'makina a msika, ndipo imatsatira mtengo ndi nthawi: wotchipitsa amayamba, ndipo pa mtengo wofanana amayamba amene anafika msanga. Ife a ku Zomba mabuloka athu ali ku Blantyre. Ngati simunakonzeretu zonse ndi buloka malonda asanayambe, tsiku loyamba lidzakupezani mukutumiza mafomu ndi zithunzi za chiphaso, anzanu akugulitsa. Chinthu chimene ndinaphunzira kufunsa buloka si "mtengo uli pa zingati" ayi, koma "ogula alipo a masheya angati, pa mtengo wanji, ndipo ogulitsa amene ali patsogolo panga ali ndi angati". Pa lipoti la tsiku ndi tsiku la msika yang'anani mizere itatu: mtengo umene ogula akupereka, mtengo umene ogulitsa akufuna, ndi kuchuluka kwa masheya amene asinthana manja. Pamene mbali ya ogula ili yopanda kanthu, mtengo wolembedwawo ndi wongoyang'ana, simungaudye.

Palinso china chimene powerengera ndi alamu tinachilumpha dala, pamene tinati "tiyerekeze kuti apatsidwa onse". Simupatsidwa onse nthawi zonse. Anthu akapempha masheya ochuluka kuposa amene alipo, amagawidwa motsatira ndondomeko imene yalembedwa m'buku lija, ndipo ndalama zotsala zimabwezedwa patapita nthawi, popanda chiwongoladzanja. Tsono taganizirani. Masheya amene aliyense akuwafuna, amene angakwere tsiku loyamba, ndi amene mumapatsidwa ochepa. Amene odziwa aja awakana, mumapatsidwa onse amene mwapempha. Tinene mwaika K500,000 kawiri pa makampani awiri. Yoyamba yakwera ndi 30 peresenti, koma munapatsidwa theka, ndiye mwapindula K75,000. Yachiwiri yatsika ndi 10 peresenti yokha, koma munapatsidwa onse, ndiye mwataya K50,000. Munthu wowerenga nyuzipepala adzati masheya awiriwa apindula 10 peresenti mukawaphatikiza. M'thumba mwanu mwalowa K25,000 pa K1 miliyoni, komishoni musanachotse.

Ku Kenya zimenezi zinachitika pamaso pa dziko lonse mu 2008, boma likugulitsa masheya a Safaricom pa mashilingi 5. Anthu anapempha ochuluka kangapo kuposa amene analipo, ambiri ndi ngongole za ku banki. Wamba anapatsidwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene anapempha, koma chiwongoladzanja chinkawerengedwa pa ngongole yonse. Mtengo unakwera tsiku loyamba, kenako mavuto a zachuma a chaka chimenecho atafika unagwa pansi pa mashilingi 5, n'kukhala nthawi yaitali ukuvutika. Kampaniyo inali yabwino, ndipo amene anapirira zaka anadzapindula kwambiri. Amene anali ndi ngongole sanathe kudikira.

Pamene FDH Bank inatulutsa masheya ake pakati pa 2020, ndinali nditadziwa masamba oyenera kutsegula. Mtengo unali K10, masheya pafupifupi 1.38 biliyoni, kutanthauza K13.8 biliyoni, gawo la 20 peresenti la banki yonse, ndipo analowa pa msika pa 3 Ogasiti. Nthawi yake inali yovuta: chisankho chobwereza cha pa 23 Juni chinali chitangochitika, ndipo matenda a kolona anali atafika. Ku gulu kwathu ambiri anafuna kugula pa chifukwa chimodzi chokha, choti Airtel inakwera. Chifukwa chimenecho n'chosakwana. Banki siyezedwa ngati kampani ya mafoni. Pa banki alangizi amayang'ana kwambiri chuma chake chenicheni mukachotsa ngongole zake zonse, n'kuona kuti mtengo wa sheya ukuposa chumacho kangati, ndiponso kuti mwa ndalama zimene yabwereketsa, ndi zingati zimene sizikubwezedwa. Komanso eni kampani yachiwiri anaona zimene zinachitikira yoyamba. Pa Airtel, kusiyana kwa K12.69 ndi K17.50 pa masheya 2.2 biliyoni ndi ndalama zoposa K10 biliyoni zimene wogulitsa sanalandire. Wogulitsa aliyense wobwera pambuyo pa nkhani yotere amakhala ndi chifukwa cholimbira kwa alangizi ake kuti asachotsere kwambiri. Ndiye kukwera kwakukulu kwa dzulo kutha kuchepetsa kukwera kwa mawa.

Tsamba limene ndimayamba nalo tsopano ndi lonena kumene ndalama zikupita. Pali kusiyana pakati pa kampani imene ikupanga masheya atsopano kuti ndalama zilowe mu bizinesi, ndi eni ake akale amene akugulitsa gawo lawo ndalama n'kulowa m'thumba mwawo. Pa Airtel anali mwini wake wakunja amene ankagulitsa, pokwaniritsa lamulo la zamtokoma ndi mafoni lofuna kuti 20 peresenti ikhale m'manja mwa Amalawi. Pa FDH zinali zosakaniza, gawo lalikulu logulitsidwa ndi eni akale ndi gawo lina la masheya atsopano. Palibe choipa pa njira iliyonse mwa izi, koma zimakuuzani amene ali tsidya lina la malonda ndi chimene chamubweretsa. Wogulitsa chifukwa lamulo lamupatsa tsiku lomaliza amafunitsitsa kuti zonse zigulidwe, ndipo atha kufewa pa mtengo. Wogulitsa chifukwa waona kuti chaka chino phindu lafika pachimake amasankha yekha nthawi imene yamukomera.

Kenako ndimapita pa maakaunti a zaka zam'mbuyo. Ngati phindu lakhala likukwera pang'onopang'ono, ndimakhulupirira zimene akulosera. Ngati linali pansi zaka zitatu n'kudumpha chaka chomwecho chogulitsa masheya, ndimafufuza chimene chalidumphitsa. Nthawi zina n'zenizeni, monga ngongole ya madola imene yabwezedwa n'kuleka kudya phindu. Nthawi zina ndi chinthu cha kamodzi, monga kugulitsa nyumba kapena nsanja, chimene chaka chamawa sichidzabweranso. Pamenepo P/E ndimaiwerengera ndekha ndi phindu la chaka chimene chatha, n'kuiyerekeza ndi ya makampani ofanana nayo pa lipoti la buloka la sabata imeneyo.

Dividendi ndimaiwerengeranso, chifukwa pa msika umene wogula atha kusowa, ndi njira yokhayo imene sheya imakulipirani musanaigulitse. Kampani yathu ya K2 pa sheya ija ikalonjeza kugawa theka la phindu, ndi K1 pa K14 imene mwalipira, pafupifupi 7 peresenti pa chaka msonkho usanadulidwe. Nambala imeneyo ndimaiika pambali pa chiwongoladzanja chimene ndingapeze pobwereketsa boma. Dividendi imakhala pansi nthawi zambiri, ndipo kusiyanako ndi kumene kukula kwa kampani kuyenera kudzalipira. Ngati sindikuona kumene kukulako kuchokere, ndimadikira.

Kudikirako kuli ndi mtengo wake, sindibisa. Amene anadikira kuti agule Airtel pa msika analipira K17 ndi kanthu m'malo mwa K12.69. Koma khomo silitsekeka pa tsiku lomaliza kulembetsa, monga otsatsa amafunira kuti tiganize. Masheya akalowa pa msika mutha kugula tsiku lililonse la ntchito, mutaona kale kuti anthu anapempha ochuluka bwanji ndiponso ngati olonjeza kutenga zotsala aja anatsala ndi mulu. Chomalizachi n'chofunika kuchiwerenga bwino m'chilengezo cha zotsatira. Mawu akuti masheya onse agulidwa atha kukhala oona ngakhale pamene anthu anatenga gawo chabe, otsalawo n'kugwera mabungwe amene anasaina pangano. Mabungwe amenewo akakhala kuti atenga ochuluka kuposa amene ankafuna, amayamba kuwatsitsa pa msika mtengo ukangokwera pang'ono, ndipo sheya imatha miyezi ikungozungulira pa mtengo wogulira.

Ku gulu kwathu tinalemba m'malamulo kuti ngongole ya gulu siiperekedwa pogulira masheya, ndipo wofuna kugula abwere ndi buku la kampaniyo tiliwerenge limodzi kulembetsa kusanatseke. Alamu ndi amene anapempha kuti tionjezere chiganizo china, choti aliyense atsegule akaunti kwa buloka kukadali nthawi, ngakhale asakufuna kugulitsa.